Maikolofoni Awiri pa Ng'oma Imodzi: Kumene Besi Imathawira

Ng'oma ikamenyedwa, chikopa chake chimapita mkati ndi kubwerera kunja kambirimbiri pa sekondi imodzi. Chikatuluka kunja chimapanikiza mpweya umene uli patsogolo pake, ndipo chikabwerera mkati chimasiya mpata, mpweya n'kutakasuka. Kupanikizika ndi kutakasuka kumeneku kumafalikira mbali zonse ngati mafunde, pa liwiro la mamita pafupifupi 343 pa sekondi pamene mpweya uli wofunda madigiri 20. Khutu likalandira mafundewo, munthu amati wamva kulira kwa ng'oma.

Maikolofoni nayo ili ndi kachikopa kopyapyala kamene kamagwedezeka mpweya ukakafika. Mpweya wopanikizika umakankhira kachikopako mkati, ndipo m'waya mumatuluka mphamvu ya magetsi yolowera mbali imodzi, imene amaiwerenga ngati yophatikiza. Mpweya wotakasuka umakokera kachikopako kunja, magetsi n'kulowera mbali inayo, yochotsera. Pa kompyuta yojambulira nyimbo izi zimaoneka ngati mzere umene ukukwera pamwamba ndi kutsika pansi pa mzere wapakati. Mikisa ikalandira maikolofoni awiri, ntchito yake ndi masamu a sitandade 1 basi: pa kamphindi kalikonse imaphatikiza zimene yoyamba yabweretsa ndi zimene yachiwiri yabweretsa. Zonse zikakhala 5, pamatuluka 10. Imodzi ikabweretsa 5 yophatikiza, inzake 5 yochotsera, sipatsala kanthu, ndipo sipika imangokhala chete ngakhale woimba ng'oma akumenya mpaka thukuta. Nkhani yonse ya fezi ndi polarite yagona pa kuphatikiza kumeneku.

Kutembenuka ndi kuchedwa

Polarite imanena za mbali imene funde layambira. Funde limene limayenera kuyamba ndi kukwera likayamba ndi kutsika, polarite yake yatembenuka. Palibe chimene chachedwa kapena kufulumira. Chilichonse chimene chinali pamwamba chili pansi, ndipo chimene chinali pansi chili pamwamba, pa nthawi yomweyo. Polarite ili ndi mbali ziwiri zokha, yoongoka ndi yotembenuka, ndipo ikatembenuka imatembenuza mawu onse mofanana, a besi ndi ang'onoang'ono omwe.

Fezi ndi nkhani ina. Funde lililonse limakwera, kutsika, n'kubwerera pamene linayambira, ndipo ulendo umodzi wotere amauwerenga ngati madigiri 360. Fezi ndi malo amene funde lafika pa ulendowo. Mafunde awiri ofanana akayamba nthawi zosiyana, lina limakhala patsogolo pa linzake ndi madigiri angapo. Zili ngati anthu awiri amene akukankha katungwe mmodzi. Akakankha pamodzi, katungwe amakwera kwambiri. Wachiwiri akachedwa pang'ono, amathandizabe. Koma akachedwa mpaka kumakankha pamene katungwe akubwerera, mphamvu yake imangozimitsa ya mnzake. Kuchedwa kwa theka la ulendo, madigiri 180, ndiko kumabweretsa kuzimitsana kotheratu.

Chimene chimasiyanitsa ziwirizi kwambiri ndi chakuti kuchedwa kumodzi sikukhudza mawu onse mofanana. Kuchuluka kwa maulendo amene funde limapanga pa sekondi kumalembedwa ndi chizindikiro cha Hz. Funde la 100 Hz, limene ndi mawu a besi, limatenga mamilisekondi 10 kuti limalize ulendo umodzi, ndipo milisekondi ndi gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi. Funde la 1,000 Hz limatenga milisekondi imodzi yokha. Choncho kuchedwa kwa theka la milisekondi ndi madigiri 18 okha kwa funde loyambalo, zimene sizisintha zambiri, koma kwa lachiwirilo ndi madigiri 180, kuzimitsana kwenikweni. Kulira kwa ng'oma kuli ndi mafunde ambirimbiri osakanikirana, kotero kuchedwa kumodzi kumazimitsa ena n'kukweza ena.

Chisokonezo chimene chilipo pakati pa mawu awiriwa anachiyambitsa ndi opanga zida eniake. Pa mikisa yambiri pali batani lokhala ndi chizindikiro cha Ø, ndipo ena amalembapo Phase. Komatu batanilo silichedwetsa kanthu, limangotembenuza polarite. Pa funde limodzi losasintha, kulitembenuza ndi kulichedwetsa theka la ulendo kumaoneka chimodzimodzi, ndipo dzina lolakwikalo linachokera pamenepo. Pa ng'oma, imene kulira kwake kumayamba mwadzidzidzi ndi kutha msanga, ziwirizi sizifanana konse.

Sineya yapakati pa maikolofoni awiri

Chitsanzo chodziwika bwino ndi sineya, ng'oma ya m'bandi imene imakhala pakati pa miyendo ya woimba. Nthawi zambiri imakhala ya mainchesi 14 m'mimba mwake, ili ndi zikopa ziwiri, ndipo pansi pa chikopa chakunsi pamakhala timawaya timene timachita phokoso lothetheka. Ojambula nyimbo amakonda kuika maikolofoni imodzi pamwamba, kawirikawiri Shure SM57, kuti itole kugunda kwa ndodo ndi kulemera kwa ng'omayo, ndi ina kunsi kuti itole timawayato.

Ndodo ikagunda, chikopa chapamwamba chimalowa pansi. Pochita zimenezi chikuthawa maikolofoni yapamwamba, kotero chimene maikolofoniyo imayamba kumva ndi mpweya wotakasuka, ndipo mzere wake pa kompyuta umayamba ndi kutsika. Mpweya wa m'kati mwa ng'oma umakankha chikopa chakunsi, nacho n'kulowa pansi, kulunjika maikolofoni yakunsi. Iyo imayamba kumva mpweya wopanikizika, ndipo mzere wake umayamba ndi kukwera. Palibe waya wolakwika, palibe chida chowonongeka. Maikolofoni awiriwa akungoyang'ana chinthu chimodzi kuchokera mbali zosiyana, ndipo pa kulira kotsika kwambiri kwa sineya zikopa zonse ziwiri zimayendera limodzi, pansi kenako pamwamba.

Tsopano funso ndi lakuti n'chifukwa chiyani besi ndiyo imatha, osati mawu onse. Yankho limaoneka bwino powerengera. Sineya ikhale yozama masentimita 14, maikolofoni iliyonse italikirane ndi chikopa chake mofanana. Phokoso limayenda masentimita pafupifupi 34 pa milisekondi imodzi, ndiye yakunsi imachedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 0.4. Kulemera kwa sineya yotere kumakhala chapafupi ndi 200 Hz, kutengera mmene aikungira, ndipo funde la 200 Hz limatenga mamilisekondi 5. Kuchedwa kwa 0.4 pa 5 ndi madigiri 29 okha. Izi zikutanthauza kuti funde lotembenukalo limafika pafupifupi nthawi imodzi ndi linzake, chigwa chake n'kugwera pa nsonga ya linalo. Ngati maikolofoni awiriwo akwezedwa mofanana, chotsala chimakhala theka la zimene maikolofoni imodzi ikanapereka payokha, kutsika kwa 6 dB pa miyeso ya pa mikisa. Pa 100 Hz zinthu zimaipirapo: kuchedwa ndi madigiri 14, ndipo pamatsala gawo limodzi la magawo anayi, kutsika kwa 12 dB. Mawu akamatsika, kuzimitsana kumanka kukwanira.

Kumtunda zinthu zimasintha. Pa 1,250 Hz theka la ulendo wa funde ndi mamilisekondi 0.4 ndendende, kotero kuchedwa kumabweza zimene kutembenuka kunachita, ndipo maikolofoni awiriwo amathandizana. Kupitirira pamenepo, zimene akumva sizifanananso. Yapamwamba ikumva nsonga ya ndodo pa chikopa, yakunsi ikumva timawaya tikunjenjemera, ndipo zinthu zosafanana sizingazimitsane. Ichi ndicho chifukwa chake sineya yojambulidwa motere sisowa. Imamveka ndithu, koma yopepuka, yothetheka yokhayokha, yopanda chifuwa.

Batani la Ø likadinidwa pa tchanelo cha maikolofoni yakunsi, mafunde a 200 Hz amatsala osiyana ndi madigiri 29 aja basi, ndipo amaphatikizana kufika pafupifupi kawiri mphamvu ya maikolofoni imodzi, kukwera kwa 6 dB kuchotsapo pang'ono. Kuchoka pa kutsika kwa 6 dB kufika pa kukwera kwa pafupifupi 6 dB ndi kusiyana kwa 12 dB, kochokera pa batani limodzi. Kusinthaku kuli ndi mtengo wake, chifukwa kuzimitsana kumasamukira chapafupi ndi 1,250 Hz, koma kumeneko maikolofoni awiriwo akumva zinthu zosiyana kale ndipo dzenje lake silikhala lakuya.

Mawerengero amenewa ndi ofewetsedwa. Ng'oma yeniyeni ili ndi chikopa chakunsi chopyapyala kuposa chapamwamba, phokoso lina limazungulira kunja kwa thupi lake, ndipo maikolofoni awiri a mitundu yosiyana amasokoneza fezi mwa njira zawozawo. Komanso wosakaniza mawu sakweza yakunsi kufanana ndi yapamwamba. Yakunsi ikakhala theka la mphamvu ya inzake, kuzimitsana koipitsitsa kumasiya theka la mawu, sikungawathetse onse. N'chifukwa chake lamulo lakuti yakunsi itembenuzidwe ndi poyambira chabe, ndipo chigamulo chimakhala cha khutu.

Zomwezi zimachitika pa ng'oma za chikopa chimodzi zotseguka kunsi, monga zambiri zimene zimaimbidwa pa magule ndi m'makwaya. Maikolofoni imodzi ikaikidwa pamwamba pa chikopa kuti itole manja, ina pa khomo lakunsi kumene besi imatulukira, ziwirizo zili mbali zosiyana za chikopa. Kusiyana kwake n'kwakuti ng'oma yaitali imawonjezera kuchedwa, ndipo mpweya wa m'thupi lake uli ndi kulira kwakekwake, kotero sizidziwikiratu kuti batani likhale mbali iti mpaka atayesa. Ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi nayonso imatero ngati maikolofoni imodzi ili kumbali ya woimba, kumene kuli chomenyera, ina ili m'kati kapena kutsogolo. Pamenepa kutayika kwake kumapweteka kwambiri, poti kulemera kwa ng'omayi kuli chapakati pa 50 ndi 80 Hz, kumene funde ndi lotalika mamita 4 mpaka pafupifupi 7, ndipo mtunda wa pakati pa maikolofoni ndi kachigawo kochepa ka utali umenewo.

Pamene batani silikwanira

Vuto lachiwiri limabwera ngakhale maikolofoni onse ali mbali imodzi ya chikopa. Pamwamba pa ng'oma za bandi pamakhala maikolofoni a m'mwamba, otola zitsulo zolira ndi bandi yonse ya ng'oma. Iwowa amamvanso sineya, koma mochedwa. Maikolofoni yapafupi ikhale masentimita 5 kuchokera pa chikopa, ya m'mwamba ikhale masentimita 91. Kusiyana ndi masentimita 86, amene phokoso limawayenda m'mamilisekondi 2.5. Limeneli ndi theka ndendende la ulendo wa funde la 200 Hz. Polarite ya maikolofoni onse ndi yoongoka, koma kulemera kwa sineya kukuzimitsanabe, ndipo ulendo uno wolakwa ndi mtunda.

Malo a dzenje loyamba amapezeka ndi masamu osavuta, pamene t ndi kuchedwa m'masekondi:

```
f = 1 / (2 × t)
f = 1 / (2 × 0.0025) = 200 Hz
```

Dzenje silikhala limodzi. Ena amatsatira pa 600, pa 1,000, pa 1,400 Hz ndi kupitirira, ndipo pakati pawo, pa 400, pa 800 ndi pa 1,200 Hz, mafunde amathandizana. Pa chithunzi cha miyeso, maenje otsatizanawa amaoneka ngati mano, ndipo akatswiri amawatcha sefa ya chipeso. M'khutu amamveka ngati ng'oma ikulirira m'paipi.

Wina akadina Ø pamenepa, 200 Hz imabwerera, ndipo nthawi zina zimenezo n'zokwanira. Koma maenjewo sanachoke, angosinthana malo ndi nsonga: tsopano ali pa 400, pa 800 ndi pa 1,200 Hz, ndipo mawu otsika kwambiri, apansi pa 100 Hz, amene poyamba ankathandizana, ayamba kudyana. Kuchedwa sikuchiritsika ndi kutembenuza. Mankhwala ake ndi kusuntha maikolofoni, kapena kuchedwetsa imene yafulumira.

Kusuntha ndiko kwabwino koposa chifukwa kumachitika nyimbo isanajambulidwe. Wothandiza amakweza kapena kutsitsa maikolofoni ya m'mwamba pang'onopang'ono woimba akumenya sineya yokha, ndipo amene ali pa mikisa amamuimitsa pamene ng'oma yamveka yodzaza. Maikolofoni awiri a m'mwamba nawonso ayenera kutalikirana ndi pakati pa sineya mofanana, ndipo chingwe kapena tepi yoyezera imakwanira pa ntchitoyi. Njira yotchuka ya Glyn Johns, Mngelezi amene anajambula nyimbo za magulu monga Led Zeppelin ndi The Who, imadalira muyeso womwewu: maikolofoni imodzi pamwamba pa ng'oma, ina chakumbali, zonse pa mtunda wofanana kuchokera pa sineya.

Ngati nyimbo yajambulidwa kale, kompyuta imalola kukulitsa chithunzi cha mafunde mpaka poyambira kugunda paoneke. Wosakaniza amayang'ana zinthu ziwiri: ngati mizere yonse ikuyamba kulowera mbali imodzi, komanso kutalikirana kwa poyambira pake. Pa makina ojambula zidutswa 48,000 pa sekondi, milisekondi imodzi ndi zidutswa 48, kotero mamilisekondi 2.5 ndi zidutswa 120. Kuchedwetsa maikolofoni yapafupi ndi zidutswa 120 kumaifikitsa pamodzi ndi ya m'mwamba. Njirayi ili ndi malire ake. Maikolofoni ya m'mwamba ili pa mtunda wina kuchokera pa sineya, pa mtunda winanso kuchokera pa ng'oma yoponda, ndiye kuilinganiza ndi imodzi sikuilinganiza ndi zonse. Komanso kuchedwa pang'ono ndiko kumapatsa khutu chithunzi cha kukula kwa chipinda, ndipo ng'oma zolinganizidwa mpaka kachidutswa komaliza zimatha kumveka zolimba koma zopanda malo. Osakaniza ambiri aluso amalinganiza sineya ndi ng'oma yoponda, zinazo n'kuzisiya.

Chimene chimachepetsa vutoli mwachibadwa ndi kusiyana kwa mphamvu. Funde lalikulu silingazimitsidwe ndi laling'ono. Maikolofoni yachiwiri ikamamva ng'oma mochepa ndi 10 dB poyerekeza ndi yoyamba, dzenje lakuya kwambiri limakhala la 3 dB ndi pang'ono, limene anthu ambiri salizindikira. Apa ndi pamene pachokera lamulo la 3 kwa 1: maikolofoni awiri otola zinthu zosiyana atalikirane katatu mtunda umene uli pakati pa iliyonse ndi chinthu chake. Lamuloli limathandiza pa ng'oma ziwiri zoyandikana, iliyonse ndi maikolofoni yake. Silithandiza pa maikolofoni awiri oikidwa dala pa ng'oma imodzi, chifukwa wosakaniza adzakweza yakutaliyo kuti imveke, ndipo kusiyana kwa mphamvu kuja kudzatha.

Kuzindikira ndi kuyesa

Chizindikiro chodalirika ndi ichi: maikolofoni iliyonse payokha ikumveka bwino, koma yachiwiri ikamakwezedwa ng'oma imayamba kuonda m'malo monenepa. Chizindikiro china ndi besi imene sikubwera ngakhale kabatani kake kapotokoledwe mpaka kumapeto pa matchanelo onse awiri. Kukweza besi pa onse kumangokulitsa manambala awiri amene akuchotserana, ndipo kuikweza pa imodzi yokha kumaoneka ngati kwathandiza chifukwa choti yagonjetsa inzake, pamene mphamvu ya makina ikungowonongeka.

Poyesa, matchanelo awiriwo amaikidwa pakati, kuti atuluke mofanana m'masipika onse, kapena mikisa imaikidwa pa mono. Izi n'zofunika chifukwa imodzi ikapita ku sipika yakumanzere, ina kumanja, magetsi ake sakumana, ndipo vuto limabisala mpaka nyimboyo itaseweredwa pa wailesi yaing'ono kapena pa foni ya sipika imodzi, kumene mbali ziwirizo zimaphatikizidwa. Kenaka amakwezedwa mofanana, woimba n'kumamenya ng'oma imodziyo pang'onopang'ono, ndipo batani la Ø limadinidwa ndi kumasulidwa pa tchanelo chimodzi chokha. Kudina pa onse awiri sikusintha kanthu pakati pawo. Mbali imene yapereka besi yambiri ndiyo imasungidwa. Ngati mbali zonse ziwiri zikumveka mofanana, mafundewo ali pafupi ndi madigiri 90, pamene kutembenuza sikupindula kapena kutaya kanthu, ndipo chofunika ndi kusuntha maikolofoni. Pa bandi yonse ya ng'oma, maikolofoni a m'mwamba amatengedwa ngati muyeso, ndipo ina iliyonse imayerekezedwa nawo, imodziimodzi, kuyambira ya ng'oma yoponda.

Polarite imathanso kutembenuka m'mawaya. Pulagi ya XLR ili ndi timapini titatu: 1 ndi ka chitetezo, 2 kamanyamula mbali yophatikiza, 3 yochotsera. Dongosolo limeneli linakhazikitsidwa ndi bungwe la Audio Engineering Society mu 1992, ndipo zida zina zakale zinkatsata dongosolo losiyana, la pini 3. Chingwe chimene chinaduka n'kuwotchereredwanso ndi mawaya a 2 ndi 3 atasinthana chimagwira ntchito bwinobwino pachokha, ndipo palibe angachikayikire mpaka chitakumana ndi chinzake pa ng'oma imodzi. Kuchipeza n'kosavuta: maikolofoni awiri ofanana amagundanitsidwa mitu, munthu n'kulankhulapo, ndipo mawu akachepa pamene onse atsegulidwa, chimodzi mwa zingwezo n'chotembenuka. Chingwe chotere sichiyenera kutayidwa. Pa mikisa yaing'ono yopanda batani la Ø, monga imene imapezeka m'matchalitchi ndi m'maholo ambiri, chimagwira ntchito ya batanilo pa maikolofoni yakunsi kwa sineya, bola chimatidwe tepi ya mtundu woonekera kuti chisasokonekere ndi zinazo.

Masipika nawo amatsata masamu omwewa, kungoti kuphatikizako kumachitikira mumpweya. Masipika awiri a besi oyandikana, ina italumikizidwa waya wofiira pamalo a wakuda, imodzi imakankha mpweya pamene inzake ikukoka, ndipo besi imene yasamalidwa bwino pa mikisa imafera pomwepo. Batire yaing'ono ya mavoti 1.5 imaulula zimenezi. Sipika itachotsedwa ku makina okuzira mawu, mbali yophatikiza ya batire imakhudzitsidwa kwa kamphindi pa waya wofiira, yochotsera pa wakuda, ndipo pepala la sipika limasuntha. Pa masipika ambiri limatulukira kunja, koma chofunika kwenikweni n'chakuti onse amene akugwira ntchito limodzi asunthire mbali imodzi.